Kulandira malipiro ochokera kunja muli ku Joni: kusankha njira ndi kuwerengera zodula

Kasitomala wa ku Amereka akanena kuti watumiza madola 800, musayembekezere kuti muona marandi a madola 800 mu akaunti yanu. Ndalama imadulidwa m'njira, ndipo odula si mmodzi. Wina amadula poitumiza, wina pakati, wina poilandira, ndipo wina amadya kudzera mu reti yosinthira, pamene ambiri sayang'ana n'komwe. Malangizowa ndi a anthu amene akukhala ku Joni, kaya ku Rosettenville, Yeoville, Mayfair kapena Turffontein, ndipo amagwirira ntchito makasitomala akunja pa kompyuta: opanga mawebusayiti, omasulira, ojambula, olemba, ophunzitsa. Titsatira nkhani ya munthu mmodzi wopanga mawebusayiti amene watumiza invoisi ya madola 800 ku kampani ya ku Amereka, tione kuti njira iliyonse imupatsa zingati.

Gawo loyamba: konzani akaunti ndalama isananyamuke

Mavuto ambiri a ndalama zakunja amayamba ndi mapepala, osati ndi banki ya kasitomala. Mabanki a ku South Africa amatsatira lamulo la FICA la mu 2001, lomwe limawakakamiza kudziwa mwini akaunti aliyense. Kwa mlendo, izi zikutanthauza pasipoti yosatha masiku, pemiti kapena viza yovomerezeka, ndi umboni wa malo okhala. Pemiti ikatha masiku, banki ikhoza kuumitsa akaunti, ndipo ndalama yofika nthawi imeneyo imangokhala osatheka kuikhudza. Choncho yang'anani tsiku lotha pemiti musanatumize invoisi. Ngati munapempha kale yatsopano, pitani nayo risiti ya pempholo ku nthambi ya banki yanu adziwiretu.

Muli komweko, funsani mafunso awiri. Loyamba, kodi akaunti yanga ingalandire ndalama za SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana ndalama pakati pa maiko? Si akaunti iliyonse imene imalola. Zina zotsika mtengo ndiponso makadi ena olandirira malipiro a pamwezi amangolandira ndalama za m'dziko momwemo. Lachiwiri, kodi ndinalembedwa ngati wokhala m'dziko muno kwa kanthawi kapena ngati wokhala kunja? Malamulo a ndalama zakunja amasiyana pa magulu awiriwa, ndipo mlendo wokhala kwa kanthawi amasayina chikalata ku banki cholonjeza kutsatira malamulo a Reserve Bank, banki yaikulu ya South Africa.

Dzina nalo ndi nkhani. Dzina la pa invoisi, la pa akaunti ya banki, ndi la pa PayPal kapena Payoneer likhale limodzimodzi monga lilili mu pasipoti. Ambiri a ife tili ndi dzina la kusukulu, la kutchalitchi ndi la kumudzi, ndipo tikalemba lina apa lina apo, makina a banki amaimitsa ndalama. Musalandirire mu akaunti ya mlamu wanu kapena ya mnzanu wogona naye nyumba imodzi. Mwini akauntiyo ndi amene adzafunsidwe za gwero la ndalamazo, sadzakhala ndi invoisi ya dzina lake, ndipo akaunti yake ikatsekedwa mudzakhala mwataya ndalama ndi ubale womwe.

Gawo lachiwiri: phunzirani kuyeza ndi muyeso umodzi

Kuyerekeza njira poyang'ana zodula zolembedwa pa tsamba la kampani n'kudzinamiza. Ena amalemba kuti sadula kanthu, koma reti yawo ndi yoonda. Muyeso woona ndi umodzi: marandi amene alowa mu akaunti yanu, poyerekeza ndi amene akadalowa pa reti yapakati.

Reti yapakati ndi imene mumaona mukafufuza `USD ZAR` pa intaneti kapena pa XE. Ili pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira dola. Banki ikamagula madola anu imakupatsani reti yotsikirapo, ndipo kusiyanako ndi phindu lake. Pa pepala la mareti la banki pamakhala mizere iwiri, wogula ndi wogulitsa. Inu mukulandira, ndiye mzere wanu ndi umene banki ikugula, womwe ndi wotsika.

Kawerengedwe kake n'kosavuta:

```
zotayika % = (madola × reti yapakati − marandi olowa) ÷ (madola × reti yapakati) × 100
```

M'chitsanzo chathu titenga reti yapakati ya R18.00 pa dola, ndiye madola 800 ndi R14,400. Nambala imeneyi ndiye muyeso wathu mpaka kumapeto. Mareti ndi zodula zimene tigwiritse ntchito ndi zoyerekeza kuti kawerengedwe kaoneke; makampani amasintha mitengo chaka ndi chaka, choncho inu mudzaike manambala a tsiku lanu kuchokera pa apu ndi pa pepala la mitengo la banki yanu.

Gawo lachitatu: njira ya banki, SWIFT

Iyi ndi njira imene makampani akuluakulu amakonda, chifukwa ofesi yawo ya zachuma inaizolowera. Kasitomala mumupatse dzina lanu lonse, adiresi ya kumene mukukhala, nambala ya akaunti, dzina la banki, ndi khodi ya SWIFT. Ya FNB ndi `FIRNZAJJ`, ya Standard Bank `SBZAZAJJ`, ya Absa `ABSAZAJJ`, ya Nedbank `NEDSZAJJ`, ndipo ya Capitec `CABLZAJJ`. Ngati fomu yake ikufuna khodi ya nthambi, perekani ija ya banki yonse: FNB `250655`, Standard Bank `051001`, Absa `632005`, Nedbank `198765`, Capitec `470010`. Makasitomala a ku Ulaya amalimbikira kufunsa IBAN, mtundu wa nambala ya akaunti umene amagwiritsa ntchito kwawo. Auzeni kuti South Africa sagwiritsa ntchito IBAN, alembe nambala ya akaunti basi.

Tsopano pali zilembo zitatu zimene zimasankha kuti alipira ndani. Wotumiza amasankha `OUR`, `SHA` kapena `BEN`. `OUR` ndiye kuti zodula za m'njira zonse ndi za iyeyo. `SHA` ndiye kuti iye alipira banki yake yokha, zotsala n'zanu. `BEN` ndiye kuti zonse zichotsedwa pa ndalama yanu. Mabanki ena tsopano amalemba `DEBT`, `SHAR` ndi `CRED`, koma tanthauzo ndi lomwelo motsatana. Mafomu ambiri amabwera atasankhiratu `SHA`, ndipo kasitomala amangodina osaona.

Chifukwa chake zilembozi n'zofunika ndi ichi. Banki yaing'ono ya ku Amereka kawirikawiri ilibe ubale wachindunji ndi banki yanu ya ku Joni. Ndalama imadutsa ku banki ina yapakati, nthawi zambiri ya ku New York ngati ndi madola, ndipo iyo imadula yake popanda kufunsa aliyense. Ndalama ikadutsa mabanki awiri apakati, amadula onse awiri. Simungadziwiretu kuti adula zingati. Mumazindikira pokhapokha mukaona kuti madola afika ochepa.

Tiwerenge. Kasitomala wasankha `SHA`, banki yapakati yadula madola 20, afika 780. Banki yanu ikugula dola pa R17.65, ndiye R13,767. Ikuchotsanso komishoni yolandirira ya R250, ndipo mu akaunti mukulowa R13,517. Mwataya R883, yomwe ndi maperesenti 6.1. Akadasankha `OUR`, madola 800 onse akadafika, mukadalandira R13,870, kutaya maperesenti 3.7. Onani kuti ngakhale pamenepo, R280 yapita ndi reti yokha, kuposa komishoni imene imaoneka pa sitetimenti.

Ndalama ikafika sikuti imalowa yokha. Ndalama iliyonse yochokera kunja iyenera kufotokozeredwa ku Reserve Bank kudzera mu banki yanu, pa fomu yotchedwa BoP. Banki imatumiza uthenga pa foni kapena imelo, ena amaimba, kuti pali ndalama ikudikira. Mumalowa mu apu kapena mu banki ya pa intaneti, ku gawo la `Forex`, kusankha khodi yosonyeza chifukwa cha ndalamayo, kuona reti, n'kuvomera. Kwa wopanga mawebusayiti uja, khodi yake ndi `231`, ya ntchito za makompyuta. Ntchito iliyonse ili ndi khodi yake pa mndandanda womwewo, ndipo ngati simukuiona imbirani gawo la ndalama zakunja muwawerengere zimene zalembedwa pa invoisi.

Pano pali chiyeso chimene tikukuchenjezani mwamphamvu. Khodi ya `401` ndi ya mphatso, ndipo anthu amauzana kuti ndiyo yosavuta chifukwa safunsa zambiri. Kulemba malipiro a ntchito ngati mphatso ndi kunena bodza pa chikalata cha boma. Komanso mphatso yochokera ku kampani yomweyo mwezi ndi mwezi imaoneka msanga, banki imapempha mapepala, ndipo akaunti imaima mpaka mufotokoze. Invoisi yanu ndi khodi yoona zimatsegula ndalama mosavuta kuposa bodzalo. Ogulitsa katundu wogwirika, monga ziboliboli kapena zitenje, njira yawo ndi ina, chifukwa malipiro ayenera kulumikizidwa ndi mapepala a kasitomu otulutsira katunduyo.

Mukanyalanyaza uthenga wa banki, ndalamayo sikhala mpaka kalekale. Pakapita masabata angapo banki ikhoza kuibweza kwa wotumiza, ndipo pobwerera mabanki apakati amadulanso. Ndalama ya SWIFT imafika pakati pa masiku awiri ndi asanu a ntchito. Ikapitirira sabata osamva kanthu, pemphani kasitomala akutumizireni umboni wa banki yake wotchedwa `MT103`, kapena nambala yotsatirira ya `UETR`. Chithunzi cha pa sikirini yake sichithandiza. Ndi nambala imeneyi banki yanu imatha kuona pamene ndalama yaima.

Chinthu china chaching'ono koma chodula: musalole ndalama isinthidwe kawiri. Kasitomala wa ku Britain mumulembere invoisi ya mapaundi, wa ku Germany ya mayuro. Mukamulembera ya madola, banki yake idya posintha mapaundi kukhala madola, yanu idyanso posintha madola kukhala marandi.

Gawo lachinayi: PayPal

Makasitomala ang'onoang'ono amakonda PayPal chifukwa amalipira ndi khadi m'mphindi imodzi. Kwa inu wolandira, ndi njira yodula kwambiri pa ndalama zazikulu, ndipo ku South Africa ili ndi khomo limodzi lodziwika lotulukira, lomwe ndi FNB, kuyambira mu 2010. Simukakamizidwa kukhala ndi akaunti ya FNB; mungalembetse pa banki ya pa intaneti ya FNB n'kulumikiza akaunti ya banki ina ya m'dziko muno, koma mapepala a FICA adzawafunabe. Ngati ndinu mlendo, tsimikizani kaye ndi FNB kuti mapepala anu akuloledwa, ndipo lumikizani zonse musanauze kasitomala kuti alipire pa PayPal. Kulandira madola amene simungathe kuwatulutsa n'kopweteka kwambiri.

Kutulutsa kumachitikira mbali ya FNB. Mumalowa mu banki ya pa intaneti, kupita ku `Forex` kenako `PayPal Services`, kulemba kuchuluka kwa madola, kusankha khodi ya BoP, kuvomera reti, ndipo tsamba limakupititsani ku PayPal kuti mutsimikize. Marandi amafika patapita masiku angapo a ntchito. Malamulo a ndondomekoyi amafuna kuti ndalama yolandiridwa itulutsidwe pasanathe masiku 30, choncho PayPal si malo osungira madola podikira kuti randi igwe.

Apa amadula katatu. PayPal imachotsa peresenti yake ndi kandalama kokhazikika. Titenge maperesenti 4.4 ndi masenti 30, ndiye madola 35.50 apita, atsala 764.50. Pa reti ya R17.65 ndi R13,493. Komishoni yotulutsira, titenge peresenti 1.5, ichotsa R202. Mukulandira R13,291, kutaya R1,109, maperesenti 7.7.

Ndalama si vuto lokhalo. Akaunti yatsopano PayPal imatha kuigwirira ndalama mpaka masiku 21, choncho musadalire malipiro oyamba pa lendi ya mwezi uno. Ndiponso wogula ali ndi masiku 180 oti adandaule kuti sanalandire chimene analipira, ndipo ntchito ya pa kompyuta ilibe risiti ya positi yoti muonetse. Chitetezo chanu ndi zolemba: mgwirizano wa pa imelo, mafayilo amene munatumiza ndi tsiku lake, ndi uthenga wa kasitomala wovomereza kuti ntchito yatha bwino. Upempheni uthenga umenewo nthawi zonse, ngakhale wa mzere umodzi. Kasitomala akanena kuti atumiza ngati ndalama ya abale ndi anansi kuti zodula zichepe, kanani. Ndi kuphwanya malamulo a PayPal, ndipo chilango chake ndi kutsekeredwa akaunti ndalama ili momwemo.

Gawo lachisanu: Payoneer ndi Wise

Payoneer imakupatsani manambala a akaunti zolandirira m'maiko a makasitomala, monga ya madola ku Amereka, ya mayuro ku Ulaya ndi ya mapaundi ku Britain. Kasitomala amalipira ngati akulipira munthu wa m'dziko lake, ndiye palibe banki yapakati. Kenako inu mumatulutsira ku akaunti yanu ya marandi. Phindu la Payoneer lili mu reti yotulutsira, ndipo zodula zolandirira zimadalira mmene kasitomala walipirira.

Akalipira kuchokera ku banki yake, titenge peresenti 1, atsala madola 792. Reti ikakhala yotsika ndi maperesenti 2 pa yapakati, ndi R17.64, ndipo mukulandira R13,971, kutaya maperesenti 3. Koma kasitomala yemweyo akalipira ndi khadi, zodula zimafika pafupi ndi maperesenti 4, ndipo mukulandira pafupifupi R13,550, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi SWIFT ya `SHA`. Ndiye potumiza pempho la malipiro, mupempheni alipire kuchokera ku banki. Dziwaninso kuti akaunti zolandirirazi ndi za malipiro a bizinesi. Ndalama yochokera ku akaunti ya munthu payekha imatha kukanidwa. Ndipo akaunti imene ikulandira zochepa pa chaka imalipiritsidwa ndalama ya pachaka, choncho kwa munthu wa ntchito imodzi kapena ziwiri pa chaka siyoyenera.

Wise imagwira mosiyana. Imasintha pa reti yapakati yeniyeni, ndipo zodula zake imazionetsa poyera wotumiza asanadine. Njira yosavuta ndi yakuti kasitomala, pa akaunti yake ya Wise, atumize marandi ku akaunti yanu ya banki. Zodula zikakhala peresenti 1.2, atsala madola 790.40, ndipo pa R18.00 mukulandira R14,227. Kasitomala akavomera kulipira zodulazo pamwamba, mukulandira R14,400 yathunthu. Pa chitsanzo chathu palibe njira yoposa iyi. Lamulo la BoP likadalipo: ulendo woyamba mudzalandira uthenga wochokera ku kampani ya m'dziko muno imene imagwira ntchito ndi Wise, wopempha chiphaso chanu, adiresi ndi chifukwa cha ndalamayo. Uthengawu umagwera kawirikawiri mu foda ya maimelo osafunika, ndipo osayankhidwa, ndalama imabwerera. Vuto lina ndi lakuti si kasitomala aliyense angavomere. Makampani ena ali ndi njira yawo imodzi yolipirira ndipo sasintha chifukwa cha munthu mmodzi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: nanga pa foni?

Kwathu tinazolowera Airtel Money ndi Mpamba, ndipo n'zachibadwa kuganiza kuti kasitomala angotumiza pa foni. Ku South Africa ndalama za pa foni sizinazike mizu motero. Vodacom inatseka M-Pesa kuno mu 2016, ndipo MoMo ya MTN, yomwe inabwereranso mu 2020, ndi yolipirira ndi kutumizirana zazing'ono, osati yolandirira mainvoisi a makampani akunja.

Ena amauza kasitomala atumize kudzera ku makampani otumiza ndalama kupita pa nambala yawo ya ku Malawi. Ganizani kawiri. Choyamba, makampani ngati amenewa anapangidwira anthu otumizira abale awo, ndipo ambiri malamulo awo salola malipiro a bizinesi. Kampani yolongosoka ikana. Chachiwiri, akaunti za pa foni zili ndi malire a ndalama yolowa ndi yosungika, ndipo madola 800 akhoza kukanidwa kapena kufunika kugawidwa. Chachitatu, chomwe n'chachikulu, ndalamayo imasanduka makwacha pa reti ya kampani yotumizayo, ndipo ikasanduka makwacha yathera komweko. Kuibweretsa ku Joni kuti mulipire lendi n'kovuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki a kwathu, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022 ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Amene anasunga malipiro ake m'makwacha masiku amenewo anadzuka atasauka.

Ngati cholinga ndi fizi ya mwana kapena feteleza wa kumudzi, landirani malipiro kuno m'njira yovomerezeka, kenako tumizani gawo limene likufunika kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, poyerekeza makwacha amene afike pa R1,000 iliyonse tsiku limenelo. Mapepala anu amakhala oyera, ndipo mumatumiza pa nthawi imene ndalamayo igwiritsidwe ntchito.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kukula kwa invoisi kumasintha yankho

Palibe njira imodzi yopambana nthawi zonse, ndipo chifukwa chake n'chakuti zodula zina n'zokhazikika pomwe zina ndi maperesenti. Tibwerezenso kuwerenga ndi invoisi yaing'ono ya madola 100, yomwe ndi R1,800. Pa SWIFT ya `SHA`, banki yapakati ikudulabe madola 20, komishoni ikadali R250, ndipo mukutsala ndi R1,162. Gawo limodzi mwa magawo atatu lapita, kuposerapo pang'ono. Pa PayPal madola 100 omwewo akupatsani pafupifupi R1,657, kutaya maperesenti 8. Apa PayPal, imene tinaitcha yodula, ndiyo yabwino kuposa banki.

Tikwere pa madola 5,000, omwe ndi R90,000. Pa SWIFT, madola 20 aja sakuonekanso, ndipo ngakhale komishoni itakwera kufika R440, mukulandira R87,457, kutaya maperesenti 2.8. Pa PayPal peresenti sisuntha, ndiye mukulandira pafupifupi R83,100. Kusiyana kwake kukuposa R4,000 pa invoisi imodzi. Pa ndalama yaikulu chonchi n'koyeneranso kuimbira gawo la ndalama zakunja la banki yanu musanavomere reti ya pa apu, mufunse ngati angaiwonjezereko. Masenti 10 pa dola ndi R500.

Maganizo athu ndi awa. Pansi pa madola pafupifupi 300, SWIFT musaiyandikire. Pakati, pamene pali chitsanzo chathu, yesani Wise kaye, Payoneer yolipiridwa kuchokera ku banki ikhale yachiwiri. Pamwamba pa madola 2,000, SWIFT ya `OUR` imayamba kupikisana bwino ndipo makampani amaivomera mosavuta. Kasitomala wokhazikika amene amakupatsani tintchito ting'onoting'ono, gwirizanani naye kuti muzimulembera invoisi imodzi pa mwezi m'malo mwa zinayi. Zodula zokhazikika mulipira kamodzi.

Gawo lachisanu ndi chitatu: zilembeni pa invoisi

Zonsezi zimathera pa invoisi, chifukwa ndalama ikanyamuka palibenso chokambirana. Lembani nambala ya invoisi, tsiku, ntchito imene mwagwira m'mawu omveka, mtundu wa ndalama, njira yolipirira, ndi amene alipire zodula. Kwa SWIFT, mzere umodzi ukwanira:

```
Payment by SWIFT in USD. Charges: OUR. Reference: INV-014
```

Ngati kasitomala sangalipire kwina koma pa PayPal, ikani zodula mu mtengo wa ntchito kuyambira pachiyambi, osati ngati mzere wapadera, chifukwa PayPal silola kulipiritsa wogula ndalama yowonjezera chifukwa choigwiritsa ntchito. Powerengera musangowonjezera peresenti pamwamba, pakuti nayo yowonjezerayo idzadulidwa. Gawani motere:

```
(800 + 0.30) ÷ (1 − 0.044) = 837.13
```

Mtengo wa madola 837.13 ukusiyirani 800 mu PayPal. Kasitomala watsopano mumupemphe theka la ndalama musanayambe ntchito; kupatula kukutetezani, kumakupatsani mpata woona ngati njira yosankhidwayo ikugwira ndi kuti ikudula zingati. Makampani a ku Amereka adzakutumiziraninso fomu ya `W-8BEN`, yosonyeza kuti simuli wokhoma msonkho wa kwawo. Idzazeni msanga, chifukwa ambiri salipira isanabwerere.

Akathyali nawonso amadziwa kuti mukudikira ndalama. Imelo yonena kuti ndalama yafika koma mulipire kaye kanthu kuti itsegulidwe ndi yabodza. Zodula zenizeni zimachotsedwa pa ndalama yomweyo. Musakhulupirire imelo kapena chithunzi, lowani nokha mu akaunti polemba adiresi ya tsambalo ndi manja anu, muone ngati ndalama ilimo. Winanso amatumiza zopitirira invoisi n'kupempha kuti mumubwezere zotsala pa njira ina. Khadi imene walipirira imakhala yobedwa, malipiro ake amadzabwezedwa, ndipo zimene munamutumizira zapita. Ngati pali zobweza, bwezani malipiro onse pa njira yomwe anadzera.

Chotsiriza ndi msonkho. Ntchito yogwiridwa muli m'dziko muno imakhomeredwa msonkho kuno, ngakhale wolipira ali kunja, ndipo palibe bwana amene akukudulirani pa mwezi. Chaka cha msonkho cha SARS, bungwe lotolera msonkho la kuno, chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ndipo odzilemba ntchito okha amene phindu lawo lapitirira malire osakhoma msonkho amalipira kawiri pa chaka pa fomu ya `IRP6`, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Pa malipiro aliwonse sungani zinthu zinayi pamodzi: invoisi, umboni wa BoP, sitetimenti yosonyeza marandi olowa, ndi zodula zonse, chifukwa zodula za banki ndi za PayPal ndi ndalama zoyendetsera bizinesi zimene mungachotse powerengera phindu. SARS imafuna kuti mapepalawa asungidwe zaka zisanu. Pa mzere womwewo lembani reti yapakati ya tsikulo ndi peresenti imene yatayika. Pakatha malipiro atatu kapena anayi, manambala anu enieni adzalowa m'malo mwa oyerekeza athu, ndipo mudzadziwa njira yoti muuze kasitomala wotsatira.